Kachizindikiro kamene kamasokoneza uthenga wa pa foni

Makolo ambiri a ana amene ndimaphunzitsa kuno ku Thyolo amathyola tiyi m'maesiteti, ndipo mafoni awo ndi aja amabatani. Sukulu ikalemba uthenga pa kompyuta n'kuutumiza, nthawi zina umafika uli ndi timabokosi, zizindikiro za funso kapena zilembo zachilendo pakati pa mawu. Ena amaganiza kuti foni yagwidwa vairasi, ena amangofufuta poopa akuba a pa foni, ndiye msonkhano wa makolo umawadutsa. Gwero la vutoli kawirikawiri ndi kachizindikiro kamodzi.

Chichewa chimadalira kwambiri nkhodolero, kachizindikiro kam'mwamba ka m'mawu monga ng'ombe, m'munda ndi n'chifukwa. Ngakhale dzina la esiteti ya Naming'omba lili nako. Pa kompyuta kachizindikiroka kalipo mitundu iwiri: kowongoka (') ndi kopindika (’). Ukamalemba mu Microsoft Word umadina kowongoka, koma pulogalamuyo imasintha yokha n'kuika kopindika. Imachitanso chimodzimodzi ndi zizindikiro zogwira mawu a munthu (“ ”), ndipo timizere tiwiri (--) imatisandutsa mzere wautali (—).

Makina sasunga zilembo, amasunga manambala. Nkhodolero yowongoka ili m'gulu la zizindikiro 128 za ASCII, zomwe zinakhazikitsidwa ku America m'zaka za m'ma 1960, ndipo pafupifupi makina onse amazidziwa. Imasungidwa ndi nambala imodzi. Yopindika ilibe malo m'gululi, choncho m'kalembedwe ka UTF-8 imasungidwa ndi manambala atatu. Pulogalamu yakale yowerenga m'njira ya Windows-1252 imayesa nambala iliyonse ngati chilembo pachokha, n'kuonetsa zitatu. Ndiye Naming’omba amasanduka chonchi:

```
Namingâ€™omba
```

Mzere wautali umasanduka â€” pomwe chizindikiro chotsegulira mawu a munthu chimasanduka â€œ. Mukaona â€ pamalo pamene panayenera kukhala nkhodolero, dziwani kuti si vairasi. Izi zimaonekanso potsegula mu Excel mndandanda wa maina wosungidwa ngati CSV.

Pa uthenga wa pa foni palinso nkhani ya ndalama. Uthenga umodzi wa SMS umatenga zilembo 160 ngati zonse zili m'gulu la zilembo za GSM. Nkhodolero yowongoka ilimo, yopindika mulibe. Pakangolowa chizindikiro chimodzi chachilendo, uthenga wonse umasamukira ku kalembedwe kena komwe malire ake ndi zilembo 70, ndipo uthenga wautali umadulidwa m'zigawo za zilembo 67.

Titenge uthenga woitana makolo wa zilembo 150, momwe muli mawu akuti m'mawa. Nkhodolero ikakhala yowongoka, umenewo ndi uthenga umodzi. Ikakhala yopindika, zigawo ziwiri zimangonyamula zilembo 134, ndiye pamafunika chachitatu. Kwa makolo 200, mauthenga amachoka pa 200 kufika pa 600. Mafoni ena amakonza okha asanatumize, koma si onse. Muziyang'ana kanambala kowerenga zilembo pamene mukulemba: kakatsika mwadzidzidzi mutangomata mawu ochokera pa kompyuta, ndiye kuti mwalowa chachilendo.

Mankhwala ake ndi kuletsa Word kusintha zizindikirozi. Pitani pa File, Options, Proofing, AutoCorrect Options, kenako AutoFormat As You Type. Chotsani chongi pa "Straight quotes" with "smart quotes" komanso pa Hyphens (--) with dash (—). Ngati kompyuta si yanu, dinani Ctrl+Z mukangolemba nkhodolero, ibwerera kukhala yowongoka. Uthenga wopita pa foni ndi bwino kuulemba mu Notepad, yomwe siipinda nkhodolero imene mwadina. Koma dziwani kuti kumata mu Notepad mawu olembedwa kale mu Word sikuwongola kanthu.

Ngati chikalata chaonongeka kale, dinani Ctrl+H, sakani â€™ n'kuikapo nkhodolero yowongoka paliponse. Izi zimatheka chifukwa manambala atatu aja adakalipo. Zikakhala kuti chikalatacho chinasungidwa ndi zizindikiro za funso, manambala anatayika, ndipo muyenera kukonza pamanja kapena kupempha chikalata choyamba.

Sindikunena kuti zizindikiro zopindika n'zoipa. Pa mayeso osindikiza kapena pa PDF zimaoneka bwino, chifukwa wowerenga amaona zomwe inu munaona. Chilembo cha ŵ nachonso mulibe m'gulu la GSM, ndipo pa makina akale chimatha kuoneka ngati Åµ, koma chimenecho n'chilembo cha chiyankhulo chathu, tisachitaye m'mabuku. Ine ndimatsata lamulo limodzi: ngati sindikudziwa foni imene uthenga ukafikire, ndimalemba nkhodolero yowongoka, mzere wautali ndimausintha ndi mpumiro, ndipo ndimayamba ndautumiza ku foni yamabatani kuti ndione mmene ukuonekera.