Chimene Chimachititsa Tsabola Kuwawa

Ukali wa tsabola umachokera ku mankhwala achilengedwe otchedwa kapusaisini. Ambiri amaganiza kuti ukaliwu uli m'njere, koma mankhwalawa amapangidwa m'timinofu toyera ta m'kati mwa tsabola, pomwe njerezo zimamatirira. N'chifukwa chake wophika akachotsa timinofuti, ngakhale kambuzi amachepako mphamvu.

Tsabola wothira m'ndiwo sawotcha lilime, amangonamiza mitsempha. Kunsonga kwa mitsempha yotumiza uthenga wa ululu ku ubongo kuli tizitseko totchedwa TRPV1, timene David Julius ndi anzake anatulukira mu 1997, ntchito imene inamupezetsa mphoto ya Nobel mu 2021. Tizitsekoti timatseguka kutentha kukafika pafupifupi madigiri 43, pamene thupi limayamba kumva kupsa. Kapusaisini naye amatitsegula ngakhale chakudya chili chozizira, ndipo ubongo umalandira uthenga womwewo wakuti m'kamwa mwapsa. Thupi limayamba kudziziziritsa: thukuta limatuluka, misozi ndi mamina zimayenderera. Tizitseko ta mbalame satitsegula, motero mbalame zimadya tsabola bwinobwino n'kumamwaza njere zake.

Madzi sathandiza kwenikweni chifukwa kapusaisini sasungunuka m'madzi, amasungunuka m'mafuta. Mkaka ndiwo umamuchotsa palilime msanga.

Chochititsa chidwi kwambiri n'chakuti mtsempha umene walandira kapusaisini mobwerezabwereza umatopa, n'kuyamba kutumiza uthenga mofooka. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene wozolowera tsabola amapirira ukali umene mnzake sangaupirire. Madokotala amagwiritsa ntchito kutopa kumeneku pochiza ululu wa m'mitsempha, monga umene umatsalira munthu atachira mashingozi. Amamata pakhungu pulasitala yokhala ndi kapusaisini wokwana 8 peresenti kwa ola limodzi. Poyamba khungu limafiira n'kumatentha kwambiri, kenako nsonga za mitsemphayo zimafota, ndipo ululu ungachepe kwa miyezi pafupifupi itatu mpaka zitaphukanso. Izi zimachitikira kuchipatala basi; kupaka tsabola pachilonda kapena pafupi ndi maso n'koopsa.

Tizitseko tomweti tiliponso kummero, m'mimba ndi m'matumbo. Tsabola sayambitsa zilonda za m'mimba monga ambiri amanenera. Kawirikawiri zimayamba ndi bakiteriya wotchedwa helikobakita pailori kapena mankhwala opha ululu monga asipirini. Komabe amene ali kale ndi zilondazo kapena chilungulira angamve kuwawa kwambiri akadya tsabola, ndipo ndi bwino achepetse. Akachuluka, tsabola amafulumizitsa matumbo, zimene zingabweretse kupotokola ndi kutsegula m'mimba, komanso kutentha pochita chimbudzi, popeza kapusaisini wina amatuluka asanagayike. Zimenezi zimatha zokha. Koma kuwawa kwa m'mimba kopitirira masiku angapo, kusanza magazi kapena chimbudzi chakuda bii si za tsabola, zimafunika kupita kuchipatala msanga.