Chithunzi Chongodutsa Sichifuna Fayilo

Mwalipira fizi ya mwana pa kompyuta, ndipo akusukulu akufuna umboni pa WhatsApp. Ambiri timajambula sikirini, chithunzi n'kusanduka fayilo, kenako tiyambe kuisakasaka m'mafoda kuti tiitumize. Ikatumizidwa imangokhala pomwepo, nambala ya akaunti ili poyera, pa makina amene mwina anzathu a mu ofesi amagwiritsanso ntchito. Izi zimandidetsa nkhawa, chifukwa njira yachidule ilipo.

Kompyuta ili ndi malo osaoneka otchedwa kilipibodi, m'mene mumakhala chilichonse chimene mwakopera mpaka mutakopera chinthu china. Chithunzi cha sikirini chingathe kulowa m'menemo mwachindunji.

Pa Windows, dinani pamodzi `Windows + Shift + S`. Sikirini imachita kamdima, inu n'kukoka mausi kuzungulira risiti yokhayo, kusiya kunja ndalama zotsala mu akaunti. Mukangosiya mausi, chithunzi chalowa. Tsegulani WhatsApp, dinani `Ctrl + V`, basi chafika. Mukafuna windo yokhayo imene mukugwiramo ntchito, `Alt + PrtScn` ndi yokwanira. Pewani `Windows + PrtScn`, chifukwa imeneyo imasunga fayilo.

Pa Windows 11 pali msampha. Snipping Tool ya masiku ano imakopera ndithu, koma mwakachetechete imasunganso chithunzicho mu foda ya `Screenshots` imene ili m'kati mwa `Pictures`. Kasuzumireni m'menemo, mwina mupeza marisiti a chaka chonse. Kuti izi zitheretu, tsegulani Snipping Tool, lowani pa `Settings`, ndipo muzimitse kabatani kosunga zithunzi pakokha.

Pa Mac nkhani yagona pa batani limodzi. `Command + Shift + 4` imaika fayilo pa `Desktop`, koma mukaonjezerapo `Control`, chithunzi chimapita ku kilipibodi, inu n'kumata ndi `Command + V`. Ngati zala zikuvutika ndi mabatani anayi, dinani `Command + Shift + 5`, pa `Options` musankhe `Clipboard`, ndipo kompyuta izikumbukira zimenezo mpaka mudzasinthe.

Vuto la njirayi ndi lakuti kilipibodi imamata chinthu chomaliza kukopera. Mukajambula risiti kenako n'kukopera nambala ya foni ya aphunzitsi, chimene chituluke pomata ndi nambalayo, risiti yapita. Choncho yambani mwatsegula kumene mukutumiza, kujambula kubwere pambuyo. A Windows ali ndi pothawira: `Windows + V` imaonetsa zinthu mpaka 25 zimene munakopera, bola munaiyatsa kale musanajambule.

Koma risiti imene mungadzaifune pakadzabuka mkangano musaisiye pa kilipibodi, chifukwa kompyuta ikazima, kaya magetsi athima mwadzidzidzi, chithunzicho chimapita nayo. Imeneyo isungeni ngati fayilo, muipatse dzina lomveka ndi deti lake.