Malipiro Amene Mukufuna: Samalani ndi Nambala Yam'munsi

Mafomu ambiri ofunsira ntchito pa intaneti ali ndi kabokosi kolembedwa kuti "Expected salary". Anthu ambiri amakadzaza mothamanga, chonsecho nambala imene alembapoyo ndi imene abwana adzayambirepo pokambirana za malipiro.

Tiyerekeze kuti mayi wina wowerengera ndalama ku Blantyre wawonkhetsa lendi, thiransipoti, chakudya ndi fizi ya ana, ndipo wapeza kuti pamwezi pakufunika K600,000 m'manja. Akulemba 600000 m'kabokosimo. Vuto n'lakuti olemba ntchito kawirikawiri amatenga nambalayo ngati malipiro onse asanadulidwe, amene pafomu amalembedwa kuti "gross". Pa ndalamayo adzachotsapo 5 peresenti ya penshoni, yomwe ndi K30,000, komanso msonkho wa PAYE wopita ku MRA, womwe upitirira K100,000. Yotsala siikwana n'komwe K470,000. Mayiyu wadzidula yekha, ndipo akadzadandaula adzamuonetsa zimene analemba ndi dzanja lake.

Kuti K600,000 ifike m'manja, anayenera kuwerengera chobwerera m'mbuyo, ndipo akanapeza kuti malipiro osadulidwa ayenera kukhala cha m'ma K850,000. Magawo a PAYE amasintha ndi bajeti ya boma, choncho muziwerengera ndi amene akugwira ntchito panthawiyo.

Fomu ikafuna nambala ziwiri, yam'munsi ndi yam'mwamba, K850,000 ija ikhale yam'munsi. Apa ndi pamene ambiri amapunthwa. Amatsitsa nambalayi poopa kusiyidwa, n'kumaganiza kuti adzapatsidwa yapakati. Koma wolemba ntchito maso ake amakhala pa yam'munsi, poti mwanena nokha kuti imeneyo mukhoza kuvomera. Ndiye musalembepo ndalama imene mukudziwa kuti siingakufikitseni kumapeto kwa mwezi. Yam'mwamba isatalikirane kwambiri ndi inzake: K850,000 mpaka K1,000,000 n'zomveka, pamene K500,000 mpaka K1,500,000 zimangoonetsa kuti simunafufuze. Kufufuzako n'kufunsa anthu ogwira ntchito yofanana m'makampani a msinkhu womwewo, chifukwa banki ndi sitolo ya m'tauni salipira mofanana.

Onetsetsaninso ngati akufuna ya pamwezi kapena ya pachaka. Mabungwe akunja amakonda "per annum", ndipo pamenepo mayi uja ayenera kulemba 10200000. Akalemba 850000, ndiye kuti wapempha ndalama yosakwana K71,000 pamwezi. Ngati malipiro ali m'madola, funsani mtengo umene adzasinthire. Amene anaona kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 akudziwa chifukwa chake.

Mafomu ena amalola manambala okha, moti mawu akuti "tidzakambirana" sangalowe. Musaikepo 0 kapena 1 kuti mungodutsa, chifukwa fomu yanu ikhoza kuoneka ngati yosamalizidwa. Pakakhala malo olembapo mawu, nenani kuti nambalayo ndi ya pamwezi, yosadulidwa, ndipo siikuphatikiza alawansi ya nyumba kapena thandizo la chipatala.