Akukaniza ndalama za malemu chifukwa mulibe setifiketi ya ukwati? Kalata ya apilo ilembedwe motere

Maukwati ambiri m'Malawi muno adamangidwa pakhonde, pamaso pa ankhoswe a mbali ziwiri, popanda pepala lililonse. Banja limatha kukhala zaka zambiri osaona vuto, ana n'kubadwa, nyumba n'kumangidwa. Vuto limadzaoneka bambo akamwalira. Mayi amapita kukafunsa ndalama za penshoni kapena za inshulansi ya moyo zimene mwamuna wake wasiya kuntchito, ndipo pakapita masabata amalandira yankho la mizere itatu: pempho lakanidwa chifukwa palibe setifiketi ya ukwati.

Amayi ambiri amaimira pomwepo, poganiza kuti lamulo lawatsekera khomo. Koma lamulo silitero. Gawo 22 la malamulo aakulu a dziko lino limavomereza ukwati wolembetsedwa, ukwati wa mwambo, ngakhalenso wa anthu amene akhalira limodzi nthawi yaitali n'kumadziwika kuti ndi banja. Lamulo la maukwati la 2015 lidabwereza zomwezo, n'kunena kuti ukwati wa kuboma, wa kutchalitchi kapena kumzikiti, ndi wa mwambo uli ndi mphamvu zofanana. Setifiketi ndi umboni chabe wa ukwati, ndipo umboni ulipo wa mitundu ina. Ntchito ya kalata ya apilo ndi kubweretsa umboni winawo.

Tiyerekeze mayi wa ku Dedza amene mwamuna wake ankagwira ntchito ya ulonda pakampani ina ku Lilongwe. Adachita chinkhoswe, adakhala limodzi zaka 20, ali ndi ana anayi. Akanizidwa ndalama. Asanagwire cholembera, mayiyu ayenera kukhala ndi kalata yomukanayo m'manja. Ngati adangouzidwa pakamwa pawindo, abwerere akapemphe kuti amulembere, chifukwa mawu a pakamwa sachitidwa apilo. M'kalatamo ayang'ane nambala ya failo, tsiku limene idalembedwa, chifukwa chimene apereka, komanso ngati aika malire a masiku odandaulira.

Afunsenso funso limodzi limene ambiri salidziwa: kodi malemu adalemba ndani pafomu ya olandira ndalama? Wantchito akamalowa mu thumba la penshoni amapatsidwa fomu yotchulapo anthu amene adzalandire ndalama zake iye akamwalira. Ndalama zimenezi sizigawidwa pamodzi ndi mbuzi ndi njinga pa tsiku logawa chuma cha masiye; oyang'anira thumba amayamba ayang'ana fomuyo. Dzina la mayi likakhalapo, ndipo pambali pake malemu adalemba ndi dzanja lawo kuti ndi mkazi wawo, umenewo ndi umboni wamphamvu umene uli kale m'kabati ya ofesi yomwe ikumukanayo.

Tsono kalata. Amayi ambiri, kapena ana amene amawalembera, amadzaza masamba awiri ndi mavuto: ana athamangitsidwa kusukulu, mwininyumba akufuna lendi, ufa watha. Zonsezo n'zoona ndipo n'zowawa, koma woiwerenga sadakane chifukwa chokayikira umphawi. Adakana chifukwa sanaone ukwati, ndipo iye amaopa kulipira munthu wolakwika, mawa n'kutulukira wina ndi pepala. Kalata imuchotse mantha amenewo. Thunthu lake likhoza kumveka chonchi:

"Bwana, ndikupempha kuti muonenso chigamulo chimene munandilembera, chokana kundipatsa ndalama za malemu amuna anga chifukwa chosowa setifiketi ya ukwati. Ukwati wathu unali wa mwambo. Tidachita chinkhoswe kumudzi kwathu, ankhoswe a mbali zonse ziwiri alipo, ndipo sitidalekane mpaka tsiku la imfa yawo. Setifiketi sinatayike ayi, sitidatengepo chiyambire. Ndaphatikiza mawu olumbira a ankhoswe awiriwo, kalata ya amfumu, kalata ya imfa, ndi zikalata za kubadwa kwa ana athu. Ngati umboniwu sukukwanira, chonde mundilembere chimene chikusowa ndi lamulo limene likuchifuna."

Pamwamba pakhale dzina lonse la malemu, nambala yawo ya penshoni ndi nambala ya failo. Pansi pakhale siginecha kapena chidindo cha chala, ndi nambala ya foni. Chiganizo chonena ngati setifiketi idatayika kapena siinakhalepo n'chofunika kwambiri, chifukwa njira zake n'zosiyana. Ngati ukwati udadalitsidwa kutchalitchi ndipo mtchatho udapsa kapena kudyedwa ndi chiswe, nkhani n'njosavuta: dzina lili m'kaundula wa mpingo, ndipo abusa kapena ansembe akhoza kulemba kalata yotsimikiza zimene zili m'bukumo. Ngati unali wa kwa bwanamkubwa, kaundula ali kuboma.

Pa ukwati wa mwambo, mboni zazikulu ndi ankhoswe. Mawu awo asangolembedwa papepala la m'kope. Apite akalumbire pamaso pa majisitireti kapena loya wololedwa kulumbiritsa anthu, anene kuti iwo ndi ndani kwa banjali, chinkhoswe chidachitikira kuti ndi chaka chiti, ndiponso kuti banjali silidathe. Kumene ukwati umamangidwa ndi malowolo, monga m'madera ambiri a kumpoto, alumbire amene adapereka ndi amene adalandira. Mawu a nkhoswe ya kuchimuna amalemera kuposa a ya kuchikazi, poti iye sapindula kanthu mayi akalandira ndalama. Vuto n'lakuti nthawi zina achibale a mwamuna ndi omwe akuzifuna ndalamazo, ndiye amakana kulumbira, ena mpaka kunena kuti mlamu wawoyo anali chibwenzi chabe. Zikatero, kalata ya amfumu inene zimene mudzi udaona: ndani adakhala pa mphasa ya namfedwa, ndipo ndani adasudzulidwa maliro atatha. Chibwenzi sachisudzula.

Pali malire amene tisabise. Ngati awiriwo adangolowana, popanda chinkhoswe kapena mpingo, kalata yokha singathe nkhani. Lamulo la 2015 limati ukwati wotere umavomerezeka khothi likaunika n'kugamula, ndipo awiriwo akhale kuti adakhalira limodzi zaka zosachepera 5. Khothi limaonanso ngati ankadalirana pa ndalama, ngati adapeza katundu limodzi, ngati adalera ana limodzi, ndi mmene anthu ankawadziwira. Mayi wotere ayambe kukhothi, kenako aphatikize chigamulocho ku apilo yake. Nthambi ya boma yothandiza osauka pa milandu ili ndi maloya a ntchito ngati imeneyi.

Tinthu ting'onoting'ono timagwetsanso apilo yabwino. Dzina la mayi pa chiphaso cha unzika likasiyana ndi la pafomu, kwina la bambo ake kwina la mwamuna wake, alumbirenso kuti mayina onsewo ndi a munthu mmodzi. Atumize mafotokope otsimikizidwa, zikalata zenizeni asunge. Popereka kalata, anyamule ziwiri, imodzi aidinditse tsiku n'kubwerera nayo kunyumba. Ndipo wina akamunong'oneza kuti angathe kumupezera setifiketi ya deti yakale, akane. Pepala labodza likagwidwa limaipitsa ngakhale umboni woona, ndipo ndi mlandu wa kupolisi.

Apilo ikakanidwanso, kapena ofesi ikangokhala chete, njira ikadalipo. Madandaulo okhudza makampani a penshoni ndi inshulansi amapita ku Banki Yaikulu ya dziko lino, imene imayang'anira makampaniwa. Ngati malemu anali wa m'boma ndipo yomwe ikuzengereza ndi ofesi ya boma, dandaulo lipite kwa Ombudsimani. Kulikonseko adzafuna kuona kalata yokanayo, apilo yodindidwa ija, ndi umboni womwewo.

Inu amene banja lanu likadali lamoyo, pitani kuntchito mukaone dzina limene lili pafomu ya penshoni, ndipo ukwati wanu mukaulembetse ankhoswe anu akadali ndi moyo.