Kodi bodza ndi chiyani? Mafunso a Sokratesi m'kalasi

Tonse timati, "Uyu ndi wabodza!" Mawu amenewa amatha kuthetsa chibale. Koma kodi tikudziwa tanthauzo lake?

Kale mumzinda wa Atene, ku Girisi, kunali munthu dzina lake Sokratesi. Anamwalira m'chaka cha 399 Yesu asanabadwe. Iye ankaphunzitsa pofunsa mafunso. Munthu akayankha, Sokratesi ankayesa yankholo ndi chitsanzo. Likalephera, ankalikonza pamodzi.

Ndinaona njira imeneyi m'kalasi la filosofiya ku Ulongwe. Filosofiya ndi phunziro la kuganiza mozama. Mtsikana wina anati, "Bodza ndi kulankhula zoipa."

Aphunzitsi anafunsa, "Munthu akakutukwana, walankhula zoipa. Kodi wanama?"

"Ayi, aphunzitsi. Basi tinene kuti bodza ndi kunena zinthu zimene si zoona."

"Chabwino. Mnzako wakuuza kuti chapa ya ku Tete inyamuka 7 koloko. Iyenso anamva choncho. Koma chapa yanyamuka 6 koloko. Wakunamiza?"

Mtsikanayo anaganiza kaye. "Ayi, wangolakwitsa. Wabodza amadziwa kuti zimene akunena si zoona."

"Nanga agogo akamakamba nthano ya Kalulu? Amadziwa kuti kalulu salankhula. Agogo ndi abodza?"

Kalasi lonse linaseka. Iye anati, "Iyayi! Agogo safuna kuti tikhulupirire. Tonse timadziwa kuti ndi nthano."

"Tsono tiuze, bodza ndi chiyani?"

"Bodza ndi kunena zimene ukudziwa kuti si zoona, pofuna kuti wina akhulupirire."

Taonani zimene zinachitika. Yankho loyamba linali losamveka bwino. Lachiwiri linali ngati dengu lalikulu kwambiri. Munalowa wolakwitsa, munalowanso agogo. Funso lililonse linachotsa chimodzi chosayenera kukhalamo, ndipo linawonjezera mfundo imodzi. Pomaliza panatsala mfundo zitatu: kunena, kudziwa kuti si zoona, ndi kufuna kuti wina akhulupirire. Aphunzitsi sanapereke yankho. Mtsikanayo analipeza yekha.

Nthawi zambiri ophunzira amaphonya apa: amatchula chitsanzo m'malo mwa tanthauzo. Wina amati, "Bodza ndi ngati mwana wokana kuti wadya ndiwo." Chimenechi ndi chitsanzo chimodzi chabe. Tanthauzo liyenera kukwanira mabodza onse, ndi kusiya kunja zimene si bodza.

Mafunso sanathere pomwepo. Mnyamata wina anaimika dzanja. "Nanga wogulitsa mbatata ya kachewere pamsika? Pamwamba pa ndowa waika zikuluzikulu, pansi zing'onozing'ono. Sananene kanthu. Wanama?"

Malinga ndi tanthauzo lija, sananame, chifukwa sanalankhule. Koma wakupusitsa ndithu. Apa kalasi linapeza mawu ena: chinyengo. Bodza ndi mtundu umodzi wa chinyengo, koma munthu angathe kunyenga osatsegula pakamwa.

Tsiku lina mukadzafuna kutchula mnzanu wabodza, yambani mwafunsa: kodi ankadziwa? Kodi ankafuna kuti ndikhulupirire? Mwina anangomva molakwika nthawi ya chapa.