Chibayo: Dokotala Amadziwa Bwanji Wogonekedwa ndi Wobwerera Kunyumba?

Anthu awiri atha kufika pachipatala m'mawa umodzi, onse akutsokomola, thupi likutentha, m'nthiti mukubaya akamapuma. Onse nkuuzidwa kuti ndi chibayo. Koma wina nkupatsidwa mapilitsi kuti azikamwera kunyumba, winayo nkumuuza kuti atumize uthenga kwa abale kuti abweretse bulangete ndi mbale, wagonekedwa. Achibale a wobwezedwayo nthawi zina amachoka akung'ung'udza kuti mwina winayo amadziwana ndi adokotala. Chonsecho pali kawerengedwe kodziwika kamene azachipatala amatsata, ndipo munthu wamba atha kukamvetsa bwinobwino.

Chibayo chimene tikunena pano ndi chija munthu amachitenga ali kwawo, kumudzi kapena kuntchito, kusiyana ndi chimene chimagwira munthu amene wagonekedwa kale m'chipatala pa matenda ena. Tizilombo tikalowa m'mapapo, timatumba ta mpweya timadzaza madzi ndi mafinya, ndiye mpweya wabwino wa okosijeni umavutika kulowa m'magazi. Ambiri amachira ndi mankhwala akumwa. Ena ochepa matendawa amawafooketsa thupi lonse m'masiku owerengeka. Ntchito ya dokotala pa tsiku loyamba ndi kulekanitsa magulu awiriwa, ndipo maso okha amanamiza: munthu wobuula kwambiri si nthawi zonse amene ali pafupi ndi imfa.

Njira yotchuka kwambiri imatchedwa CURB-65. Idasindikizidwa mu 2003 ndi gulu la madokotala lotsogozedwa ndi Wei Shen Lim wa ku Nottingham, ataunika odwala oposa 1,000 a ku Britain, New Zealand ndi Netherlands kuti aone zizindikiro zimene zimaoneka pa tsiku lofika mwa anthu amene pambuyo pake adamwalira. Adatsala ndi zisanu, ndipo chilichonse chikapezeka wodwala amapatsidwa pointi imodzi.

Choyamba ndi kusokonezeka mutu kwatsopano. Dokotala amafunsa zinthu zooneka zachibwana: muli kuti pano, lero ndi lachingati, amene wabwera nanuyu ndi ndani. Mawu ofunika apa ndi akuti kwatsopano. Agogo amene akhala akuiwalaiwala kwa zaka sapatsidwa pointi chifukwa cha kuiwalako, koma amene dzana ankawerenga okha ndalama za fodya, lero sakumuzindikira mdzukulu wawo, amapatsidwa. Ndi wachibale yekha amene angauze dokotala kusiyana kumeneku, ndiye gadiyani asamaone ngati akulowerera akanena kuti "sakhala chonchi awa, zayamba dzulo."

Chachiwiri ndi yuriya, zinyalala zimene impso zimayenera kuchotsa m'magazi. Akapitirira 7 mmol/L ndiye kuti thupi lauma kapena impso zayamba kulephera. Ichi chokha ndicho chimafuna labotale. Chachitatu ndi liwiro la kupuma: kupuma ka 30 kapena kupitirira pa mphindi imodzi, pamene wamkulu wabwinobwino amapuma ka 12 mpaka ka 20. Chachinayi ndi bipi yotsika, nambala ya pamwamba ikachepera 90 kapena ya pansi ikakhala 60 kutsika m'munsi. Chachisanu ndi msinkhu wa zaka 65 kupita m'tsogolo.

Mwa zisanuzi, kupuma ndiko kumalakwitsidwa kawirikawiri, ngakhale kuti sikufuna chipangizo china koposa wotchi. Pamzere pakakhala anthu ambiri, nkosavuta kungoyang'ana chifuwa kamphindi nkulemba 20. Kuwerenga koona kumatenga mphindi yathunthu, wodwala atakhala kaye pansi nkupumula, ndiponso asakudziwa kuti akuwerengedwa, chifukwa munthu akadziwa amasintha kapumidwe. Anamwino odziwa ntchito amagwira pamkono ngati akumvetsera kugunda kwa mtima, maso ali pachifuwa. Kusiyana kwa 26 ndi 31 kutha kukhala kusiyana kwa kubwerera kunyumba ndi kugonekedwa.

Mapointi akaphatikizidwa, wopeza 0 kapena 1 kawirikawiri atha kuchirira kunyumba. M'kafukufuku uja, mwa odwala 100 a gulu limeneli omwalira pasanathe masiku 30 sankapitirira awiri. Wopeza 2 ali pakatikati, pafupifupi 9 mwa 100 adamwalira, ndipo ameneyu amayenera kuganiziridwa zomugoneka, ngakhale kwa masiku ochepa. Kuyambira 3 ndi chibayo choopsa: oposa 20 mwa 100 adamwalira, ndipo wa 4 kapena 5 amaganiziridwa za chipinda cha odwala mwakayakaya. Poti zipatala zing'onozing'ono zambiri sizingayeze yuriya, pali mtundu wina wochotsa mbali imeneyi, wotchedwa CRB-65. Pamenepo malire amakhwima: 0 ndiye wakunyumba, 1 kapena 2 aganiziridwe zomutumiza kuchipatala chachikulu, 3 kapena 4 atumizidwe msangamsanga. Ku America amakonda njira ina ya PSI, ya mu 1997, imene imawerenga zinthu 20, zina zofuna ekiselo ndi kuyeza magazi kangapo. Imalekanitsa bwino odwala, koma pachipatala cha kumudzi siingagwirike.

Tiyerekeze kuti pachipatala chaching'ono pafika mayi wa zaka 71, watsokomola masiku anayi. Akuyankha mafunso bwinobwino, bipi yawo ili 118/70, koma akupuma ka 32 pa mphindi. Msinkhu ndi kupuma, mapointi awiri. Akutumizidwa kuchipatala cha boma, kumene magazi akuonetsa yuriya wa 9, poti masiku onsewa sanamwe madzi okwanira. Tsopano ali pa 3. Mayiwa amacheza ndi kuseka, ndipo ana awo akanakonda kuwatenga, koma manambala akunena kuti akufunika dilipi, mankhwala a jakisoni monga seftriyakisoni, ndi munthu wowayeza usiku. Apa njirayi yagwira ntchito imene idapangidwira: yaonetsa ngozi imene nkhope ikubisa.

Tsopano pafike bambo wa zaka 32. Abale achita kumunyamula potsika njinga, sangaime yekha, waonda mpaka malaya akulendewera, thupi latentha kufika 39. Mutu ukuyenda bwino. Akupuma ka 28, bipi ili 96/64. Tikawerenga mwa CRB-65, bamboyu wapeza 0: sanasokonezeke, sanafike pa 30, bipi sinatsike kudutsa malire, ndipo ndi wachinyamata. Papepala ndi wakunyumba. Koma kachipangizo kopanira pachala kakuonetsa okosijeni wa 86, pamene munthu wabwino amakhala pa 95 kupita m'mwamba. Kumubweza munthu ameneyu kungakhale kumupha.

Chasokonekera nchiyani? Njirayi idachokera kwa odwala a m'maiko amene chibayo chimapha makamaka nkhalamba. Wachinyamata amayamba kale atachotsedwa pointi ya msinkhu, ndipo thupi lake limalimbalimba, kusunga bipi ndi nzeru mpaka mochedwa, kenako nkugwa mwadzidzidzi. Komanso okosijeni sali m'gulu la zisanu zija, ndipo odwala ofooka chitetezo cha m'thupi sadawerengedwe m'kafukufuku woyambayo. Kuno kwathu anthu oterowo ndiwo adzaza m'mawodi. Kafukufuku wa ku Blantyre wosindikizidwa mu 2019, wa akuluakulu 459 ogonekedwa ndi chibayo, adapeza kuti pafupifupi 78 mwa 100 anali ndi kachilombo ka HIV, oposa 20 mwa 100 anali ndi chifuwa chachikulu, ndipo pafupifupi 15 mwa 100 adamwalira pasanathe masiku 30, ambiri mwa odwalawo ali anthu a zaka za m'ma 30. Zina mwa zimene zinkayendera limodzi ndi imfa zinali kuchepa kwa okosijeni, mtima kuthamanga kwambiri, kuchedwa kubwera kuchipatala ndi kulephera kuima.

Madokotala a pachipatala cha Gulupu adaliona kale vutoli. Mu 2013 kudatuluka njira yochokera kwa odwala 240 a pachipatalachi, yotchedwa SWAT-Bp, imene imawerenga zisanu zina: kukhala wamwamuna, kuonda kofota minofu, kulephera kuyenda, kutentha thupi kopitirira 38 kapena kuzizira kochepera 35, ndi bipi yochepera 100/60. Pa odwala amenewo idalosera imfa bwino kuposa CRB-65, ndipo palibe chofuna labotale. Bambo wathu uja, wopeza 0 pa njira ya ku Ulaya, apa akupeza mapointi osachepera anayi. Njirayi idachokera pachipatala chimodzi ndipo sinafalikire ngati inzake ija, komabe phunziro lake ndi lomveka: wodwala chibayo amene walowa atanyamulidwa si wobweza, kaya pepala likuti chiyani.

Ndiye ngakhale mapointi atsike, dokotala wosamala amafunsabe zina. Okosijeni akatsika pansi pa 92 amakayika zobweza munthu, ndipo pansi pa 90 wodwala amafunika mpweya wa pamakina. Wosanza sangasunge mapilitsi m'mimba. Mayi woyembekezera, wodwala shuga, mtima kapena impso, ndi amene ali ndi HIV koma sakumwa ma ARV, amaonedwa mwapadera. Wotsokomola kwa masabata, wotuluka thukuta usiku ndi woonda amayezedwa makhololo pa makina a GeneXpert, chifukwa mankhwala a chibayo sachiza chifuwa chachikulu. Palinso funso limene kulibe pa fomu iliyonse: kunyumba kuli ndani, ndipo zinthu zikavuta pakati pa usiku adzafika bwanji kuno? Pointi imodzi ya munthu wokhala pafupi ndi chipatala si yofanana ndi ya wokhala yekha tsidya la mtsinje m'nyengo ya dzinja. Ana aang'ono njirazi siziwakhudza konse, ali ndi kayezedwe kawokawo.

Izi sizikutanthauza kuti aliyense azigonekedwa. Mayi wa zaka 40 wopeza 0, okosijeni ali pa 96, akudya ndi kuyenda yekha, amachira bwino kunyumba ndi amokisisilini wa masiku 5 mpaka 7, ndipo wapewa kugona m'wodi momwe angatengenso matenda ena, wasiyira bedi wina wofunikadi. Chofunika ndi kudziwa kuti mapointi aja ndi a tsiku limene adawerengedwa. Thupi limayenera kuyamba kuzizira ndi kupepukirako pasanathe masiku awiri kapena atatu, ngakhale chifuwa ndi kufooka zimatha kutsala kwa masabata.

Ngati mukusamalira wodwala chibayo kunyumba, tengani wotchi ya pafoni muziwerenga kupuma kwake m'mawa ndi madzulo. Kukafika ka 30 pa mphindi, akayamba kuyankhula zosamveka kapena kuodzera kosadzutsika, akalephera kuima kapena kumwa, milomo ikasintha mtundu, kapena masiku atatu akatha osasintha, bwererani naye kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale mapilitsi asanathe.