Kiyi wachinsinsi asalowe m'pulogalamu ya pafoni

Mu 2022, kampani ya CloudSEK inapeza mapulogalamu a pafoni okwana 3,207 omwe ankaulula makiyi a Twitter. Opanga ake anawalemba m'kati mwa pulogalamu.

Ndifotokoze chifukwa chake kuchita zimenezi n'kolakwika. Fayilo ya APK, yomwe imalowa m'foni ya Android, ndi ZIP chabe. Aliyense angaimasule:

```
unzip app.apk -d out
strings out/classes*.dex | less
```

Kiyi wolembedwa m'khodi amaonekera poyera. Kumusokoneza zilembo kumangochedwetsa wakuba, chifukwa pulogalamu iyenera kumumasula kuti imugwiritse ntchito. Ngakhale wa mu `.env` amalowa m'fayiloyo pomanga pulogalamu.

Malo ake ndi pa seva. Foni ipemphe seva, seva ilankhule ndi kampani yomwe inapereka kiyi pogwiritsa ntchito kiyiyo, kenako ibweze yankho lokha.

Tokeni, yomwe seva imapereka munthu akalowa ndi mawu ake achinsinsi, ndi nkhani ina: iyenera kukhala m'foni. Pa iPhone isungidwe mu Keychain. Pa Android ibisidwe ndi kiyi wa mu Keystore, yemwe pulogalamu imamugwiritsa ntchito koma singamutulutse. Kuilemba poyera mu SharedPreferences n'kuipereka kwa aliyense wothyola chitetezo cha foniyo.

Ngati kiyi wanu anatuluka kale, kumufufuta m'pulogalamu yatsopano sikukwanira, poti yakale ikadali m'mafoni a anthu. Muthetseni lero, mupange wina.